Makhadi Asanu a Mng'ono Wanga, Oyalidwa 3 Koloko Usiku

Uthengawo ndinauona m'mawa nditangodzuka, koma foni inasonyeza kuti unatumizidwa nthawi itangopitirira 3 koloko m'bandakucha. Unachokera kwa mng'ono wanga, amene ndi namwino ndipo wakhala akugwira ntchito usiku kwa miyezi yambiri tsopano. Munali chithunzi cha makhadi a taroti oyalidwa pa tebulo la m'chipinda chopumiramo anamwino, asanu ali pamzere umodzi, ndipo ena atatu ataunjikidwa pansi pa khadi lachinayi. Pansi pa chithunzicho analembapo mawu ochepa: "Achemwali, tandiuzani zoona, musandibisire. Kodi munthuyu ali ndi wina?" Munthu amene ankanenayo ndi bwenzi lake, limene linapita kunja kukagwira ntchito zaka ziwiri zapitazo, ndipo kuchokera nthawi imeneyo awiriwa aonana maso ndi maso kamodzi kokha.

Ineyo ndakhala ndikuyala makhadi amenewa kwa zaka zambiri, ndipo paketi imene mng'ono wangayo amagwiritsa ntchito ndinam'patsa ndine, choncho sindikanatha kuthawa funsolo. Komabe sindinayankhe nthawi yomweyo. Ndinadziwa kuti akaweruka 7 koloko amafika kunyumba ali lende ndi kutopa, ndipo ndinafuna kuti ayambe wagona tisanakambirane. Ndinam'lembera kuti ndaona, ndidzaimba madzulo, ndipo ndinam'pempha kuti asayalenso makhadi ena mpaka titalankhulana. Pempho lachiwirili linali lofunika kuposa loyamba, pa chifukwa chimene ndifotokoze kutsogoloku.

Kwa amene sanaonepo makhadi amenewa, paketi imakhala ndi makhadi 78. Mwa amenewa, 22 ndi makhadi akuluakulu okhala ndi mayina awoawo, monga Mwezi, Dzuwa, Nsanja ndi Imfa, ndipo 56 otsalawo amagawidwa m'magulu anayi: zikho, malupanga, ndodo ndi makobidi. Gulu lililonse limayambira pa 1 kukafika pa 10, kenako pamabwera anthu anayi, amene ndi mtumiki, msilikali wa pa kavalo, mfumukazi ndi mfumu. Makhadiwa anayamba ngati masewera chabe kumpoto kwa Italy m'zaka za m'ma 1400, ndipo kuwagwiritsa ntchito poombeza kunafala ku France chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700. Paketi ya mng'ono wanga ndi ya mtundu umene unasindikizidwa koyamba ku London mu 1909, wojambulidwa ndi Pamela Colman Smith motsatira malangizo a Arthur Edward Waite. Mtundu umenewu uli ndi chithunzi chokhala ndi nkhani pa khadi lililonse, ngakhale pa makhadi ang'onoang'ono, ndipo n'chifukwa chake umalasa mtima mwamsanga, makamaka mtima wa munthu amene ali yekha usiku.

Iye anayala makhadi asanu monga ndinam'phunzitsira. Malo oyamba ndi a wofunsayo mwini, achiwiri ndi a mnzakeyo, achitatu ndi a chimene chili pakati pawo, achinayi ndi a chopinga, ndipo achisanu ndi a kumene zinthu zikulowera ngati palibe chimene chingasinthe. Malowa amatchulidwa khadi lisanatembenuzidwe, ndipo sasinthidwa likaonekera. Lamulo limeneli ndilo limasiyanitsa kuwerenga makhadi ndi kungoyang'ana zithunzi n'kumaziuza zimene mtima ukuopa kale. Kwa iye, pa malo oyamba panagwa khadi la Malupanga 9, pa malo achiwiri Msilikali wa Makobidi atazondoka, pa malo achitatu Ndodo 3, pa malo achinayi Mwezi, ndipo pa malo achisanu Makobidi 2.

Titalankhulana madzulo, ndinazindikira kuti maso ake sanaime pa khadi lina lililonse koma pa Mwezi. Anawerengapo kuti khadi limeneli limanena za chinyengo ndi zinthu zobisika, ndipo n'zoona kuti matanthauzo amenewo amalembedwa. Pa chithunzicho pali galu ndi mmbulu zikuuwira mwezi, kanyama konga nkhanu kakutuluka m'dziwe, ndi njira yodutsa pakati pa nsanja ziwiri n'kukazimiririka m'mapiri. Ndinam'funsa kuti, "Mng'ono wanga, khadi limeneli lagwa pa malo a ndani?" Anakhala chete kanthawi, kenako anavomera kuti silinagwe pa malo a mnyamatayo. Linagwa pa malo a chopinga. Owerenga makhadi ambiri amati Mwezi ndi khadi la kuwala kosakwanira, pamene chinthu chilipo ndithu koma maonekedwe ake sakudziwika bwino, ndipo chitsa chimaoneka ngati munthu wobisalira. Likakhala pa malo a chopinga, chimene likunena n'chakuti vuto ndi kusaona bwino. Silinena kuti chimene chili mumdimamo n'choipa, ndiponso silinena kuti n'chabwino.

Apa m'pamene makhadi atatu oonjezera aja anabwerapo. Mwezi utamuopsa, anatulutsa khadi lina loti liumasulire, monga ambiri amachitira, ndipo kunabwera Zikho 6, chithunzi cha ana awiri, wina akupatsa mnzake chikho cha maluwa. Limeneli silinam'khutiritse chifukwa linali lofatsa kwambiri poyerekeza ndi mantha ake, choncho anatulutsa lina, ndipo kunabwera Makobidi 8, mmisiri atakhala pa benchi akusula ndalama. Anatulutsanso lachitatu, ndipo kunabwera Malupanga 7, munthu akunyang'ama kuchoka pa msasa atanyamula malupanga asanu, awiri atawasiya, kwinaku akucheuka. Pamenepo anasiya. Ndinamuuza mosabisa kuti chimene chinasankha khadi limeneli si dzanja lake koma mantha ake, chifukwa akanakhala kuti anaima pa khadi loyamba akananditumizira nkhani ya chikondi cha pa ubwana, ndipo akanaima pa lachiwiri akananditumizira nkhani ya munthu wakhama pa ntchito. Anaima pomwe makhadi anavomerezana ndi chimene ankachiopa.

Popeza iye ndi munthu wa manambala pa ntchito yake, ndinamuwerengera. Tiyerekeze kuti m'paketi muli makhadi 10 amene munthu wokayikira mnzake angawaone ngati umboni woipa, monga Mwezi, Nsanja, Mdyerekezi, Malupanga 3 amene ali ndi mtima wolasidwa, Malupanga 7 ndi ena otero. Pa kuyala makhadi asanu kuchokera mu 78, mwayi woti limodzi mwa khumiwo lituluke ndi pafupifupi theka. Mukaonjezera atatu n'kukhala asanu ndi atatu, mwayiwo umakwera kufika pafupifupi magawo awiri mwa atatu. Mukayala makhadi asanu usiku uliwonse kwa masiku asanu, mwayi woti muone khadi loopsa ngakhale kamodzi umafika pa 97 mwa 100. Iye mwini anaseka pang'ono, chifukwa amadziwa zimene zimachitika ukamayeza wodwala wankhawa kuthamanga kwa magazi mobwerezabwereza mpaka makina atasonyeza nambala yokwera, kenako n'kulemba nambala yokhayo pa fayilo. Kenako anaulula kuti usiku umenewo unali wachinayi motsatizana akuyala makhadi pa funso lomwelo, ndipo zithunzi za masiku atatu oyambawo sananditumizire chifukwa, m'mawu ake, "zinalibe kanthu".

Ndinachotsa makhadi atatuwo pa zokambirana zathu n'kubwerera kumene iye anadumpha, pa khadi loyamba, limene linali pa malo ake. Khadi la Malupanga 9 limasonyeza munthu atadzuka pa bedi pakati pa usiku, atakhala tsonga, nkhope ataiphimba ndi manja, malupanga asanu ndi anayi ali m'mwamba mwake pa mdima wa kumbuyo. Chimene ndimachikonda pa chithunzi chimenechi n'chakuti palibe lupanga lili m'dzanja la mdani. M'chipindamo mulibe wina aliyense. Ndinamuuza kuti ayang'ane chithunzicho, ayang'anenso nthawi imene ananditumizira uthenga. Sindikunena kuti makhadi anadziwa za shifiti yake, pakuti ine sindikhulupirira kuti mapepala osindikizidwa amadziwa kanthu, ndipo ndimanena zimenezi kwa aliyense amene ndimamuyalira. Chimene ndikunena n'chakuti, ngati munthu wasankha kuwerenga makhadi, ayenera kuwawerenga onse, ndipo khadi limene linam'fotokoza iye momveka bwino kwambiri ndi limene analidumpha ngati silinalipo.

Nthawi ya pakati pa 3 ndi 5 koloko m'bandakucha si nthawi wamba kwa thupi. Thupi la munthu lili ndi kawotchi kake koyenda pafupifupi maola 24, ndipo cha m'maola amenewa kutentha kwa thupi kumatsika kwambiri, tulo timakoka mwamphamvu, ndipo maganizo sakhala akuthwa monga masana. Ogwira ntchito usiku ambiri sasinthiratu kawotchi kameneka, chifukwa amabwerera kunyumba dzuwa likuwala ndipo pa masiku opuma amabwereranso ku kagonedwe ka anthu onse. Tulo ta masana nato timakhala tatifupi ndi todukaduka. Mng'ono wanga amadziwa zonsezi kuposa ine, ndipo n'chifukwa chake pa maola amenewa amawerenga kawiri mlingo wa mankhwala asanabaye jakisoni, nthawi zina n'kuitana mnzake kuti atsimikize. Chodabwitsa n'chakuti munthu yemweyo, amene sakhulupirira mutu wake pa mlingo wa mankhwala nthawi imeneyi, anaukhulupirira kotheratu pogamula mlandu wa chibwenzi cha zaka zinayi.

Khadi lachiwiri, la pa malo a mnyamatayo, ndi limene ndinalisamala kwambiri polimasulira. Msilikali wa Makobidi ndi yekhayo mwa asilikali anayi a m'paketi amene kavalo wake waima chilili. Kavaloyo ndi wakuda ndi wolemera, kumbuyo kuli munda wolimidwa, ndipo wokwerayo wagwira kobidi limodzi n'kumangoyang'ana kutsogolo. Likaima bwino limanena za munthu wodalirika, wakhama, wochedwa, amene mwina satenthetsa mtima koma sasiya ntchito. Likazondoka, makhalidwe omwewo amapitirira muyeso, ndipo kuleza mtima kumasanduka kusasuntha, khama n'kusanduka chizolowezi chopanda kolowera. Mwa matanthauzo amene ine ndinaphunzira, khadi limeneli silinena za mwamuna wa akazi ambiri. Pali owerenga ena amene sawerengera n'komwe kuzondoka kwa khadi, amangolitembenuza n'kupitiriza, ndipo mfundo yawo ndi yomveka, pakuti kuzondokako kumachokera pa mmene munthu wasakanizira paketi. Koma ngakhale titaliwerenga lozondoka monga linagwera, mlandu wa mnyamatayu pa tebulopo unali woti waima malo amodzi.

Apa ndiyenera kunena malire anga. Ine sindingadziwe chimene munthu ali kudziko lina akuchita usiku, ndipo makhadi sangandiuze. Wowerenga makhadi amene angauze mkazi kuti bwenzi lako lili ndi wina, kapena kuti lilibe wina, akungopeka, ndipo akapeka molakwa amene amavutika si iyeyo. Choncho pa malo a mnzakeyo ine ndimawerenga khadi ngati chithunzi cha mmene wofunsayo akumuonera, ndipo ndimafunsa ngati chithunzicho chikufanana ndi zimene zachitikadi. Ndinafunsa mng'ono wanga kuti anditchulire zinthu zenizeni, zogwirika, zimene zasintha. Kodi wam'peza pa bodza? Kodi wayamba kukana kuimba foni ya kanema ali kunyumba kwake? Kodi pali masiku amene amasowa osafotokoza? Pa mafunso onsewa anayankha kuti ayi. Chimene anatchula ndi ziwiri zokha, kuti mauthenga amachedwa kuyankhidwa, nthawi zina maola asanu ndi anayi, ndiponso kuti mgwirizano wake wa ntchito anauonjezera chaka china asanakambirane naye bwinobwino.

Za kuchedwa kwa mauthengazo tinaziwerengera pa pepala, ndipo ndi pamene khadi lachisanu, la Makobidi 2, linapeza malo ake. Pa khadi limeneli pali munthu akuvina kwinaku akusinthanitsa makobidi awiri m'manja, ndipo kumbuyo kwake zombo ziwiri zikukwera ndi kutsika pa mafunde. Dziko limene mnyamatayo ali lili kumbuyo ndi maola 7. Mng'ono wanga amalowa 7 koloko madzulo, amaweruka 7 koloko m'mawa, ndipo amagona kuyambira cha m'ma 9 koloko mpaka cha m'ma 3 koloko masana. Akadzuka n'kutumiza uthenga 4 koloko masana, kumeneko imakhala 9 koloko m'mawa, mnzakeyo atangoyamba ntchito imene salola foni m'manja. Mnyamatayo akafika kunyumba kwake 6 koloko madzulo n'kuyankha, kuno imakhala 1 koloko usiku, namwino ali pakati pa odwala. Maola asanu ndi anayi aja ndi amenewa, osaonjezera kapena kuchotsapo. Mnyamatayo akamagona 11 koloko, kuno imakhala 6 koloko m'mawa, nthawi yolemba malipoti ndi kukonzekera kusiyira anzake wodi.

Zotsatira zake n'zakuti maola okhawo amene mnyamatayo ali womasuka ndi amene mng'ono wanga ali pa ntchito ndipo thupi lake lili pansi penipeni. Kucheza kwawo konse kwa masiku a ntchito kumachitika m'mphindi zochepa za nthawi yake yopuma, iye akunong'ona m'kachipinda, khutu limodzi lili ku belu la odwala, winayo ali wotopa ndi tsiku lake akuganiza zophika ndi kugona. Mawu achidule a munthu wotopa, akamveka kwa munthu amene sanagone, amamveka ngati kuzizira kwa mtima. Pa masiku ake opuma vutolo silichoka, limangotembenuka, chifukwa kuti alankhule ndi mnzakeyo madzulo a kumeneko ayenera kukhalanso maso usiku umene akanabweza tulo. Titafufuza sabata yonse tinapeza mpata umodzi wokha umene onse awiri angakhale maso, opuma ndiponso osathamangira kwina, ndipo unali Loweruka limene iye sali pa ntchito, 4 koloko masana kuno, 9 koloko m'mawa kumeneko. M'zaka ziwiri zonsezi sanaugwiritsepo ntchito mwadala.

Ndinasiya khadi lachitatu kuti likhale lomaliza, chifukwa kwa ine ndi pamene panali nkhani yeniyeni. Pa khadi la Ndodo 3 munthu waima pamalo okwera, watifulatira, dzanja lili pa ndodo imodzi, akuyang'ana nyanja pamene zombo zikuyenda patali. Kawirikawiri limamasuliridwa ngati khadi labwino, la zinthu zimene zatumizidwa kutali ndipo zikuyembekezeka kubala phindu, ndipo n'zosavuta kuona chifukwa chake limakondweretsa anthu amene okondedwa awo ali kunja. Koma chithunzicho sichisonyeza ngati zombozo zikubwera kapena zikupita. Ndinafunsa mng'ono wanga kuti, "Iwe, pamene waimapo, zombo zako zifika liti?" Sanayankhe msanga. Pamene mnyamatayo ankanyamuka anagwirizana za zaka ziwiri, zakazo zatha, chaka chachitatu chayamba, ndipo palibe amene watchula tsiku latsopano. Mng'ono wanga sakudziwa ngati iye ndi amene adzam'tsatire, zimene zingafune kuti alembetsenso unamwino wake kudziko limenelo, ntchito yotenga nthawi ndi mapepala ambiri, kapena ngati mnzakeyo adzabwerera.

Ndinamuuza maganizo anga, ndipo ndinanena kuti ndi maganizo anga osati a makhadi. Funso lakuti kodi ali ndi wina ndi lopweteka, koma mwanjira ina ndi losavuta kulinyamula, chifukwa limam'patsa chochita usiku, monga kuyang'ana nthawi imene mnzakeyo anaonekera komaliza pa foni, kuwerenganso mauthenga akale ndi kuyala makhadi, popanda kufunsa munthuyo chilichonse. Funso lakuti tidzakhala pamodzi liti, ndiponso kuti, ndi loopsa kwambiri, chifukwa liyenera kufunsidwa pakamwa, ndipo yankho lake likhoza kukhala limene iye sakulifuna ngakhale patakhala kuti palibe mkazi wina aliyense. Mwamuna akhoza kukhala wokhulupirika kotheratu n'kukhalabe wosafuna kusuntha, monga msilikali uja pa kavalo wake. Anandiyankha mokwiya pang'ono kuti, "Achemwali, ndiye mukuti ndilibe chifukwa chokayikira?" Ndinati sindinatero. Kuonjezera mgwirizano wa ntchito osakambirana ndi chifukwa chokwanira chokwiyira, ndipo sichifuna thandizo la Mwezi kapena la munthu wakuba malupanga kuti chikhale chachikulu.

Tinagwirizana zinthu zochepa. Paketi ya makhadi isapitenso ku ntchito, pakuti m'thumba la yunifolomu muli kale zolembera, lumo ndi wotchi, ndipo ola lopuma ndi logona ngakhale mphindi makumi awiri ngati wodi ilola. Akafuna kuyala, ayale pa tsiku lopuma atagona mokwanira, alembe funso ndi malo a makhadi asanatembenuze lililonse, ndipo funsolo likhale la chimene iye angachite, osati la chimene chili m'mutu mwa munthu wina. Khadi lomasulira lisapitirire limodzi. Funso limodzi lisabwerezedwe mpaka china chake chitasintha m'moyo weniweni. Anadandaula kuti malamulowa ndi ouma ngati a sisitala wamkulu wa pa wodi, koma anawalemba.

Loweruka lotsatira anamuimbira 4 koloko masana, dzuwa likuwala, atadya ndiponso atagona. Anandiuza pambuyo pake kuti analankhula pafupifupi maola awiri, ndipo kuti sanatchule n'komwe za mkazi wina. Anafunsa za chaka chachitatucho ndi za tsiku. Mnyamatayo anapepesa chifukwa chosam'funsa, anafotokoza za ngongole imene ankafuna kumaliza, ndipo pa za tsikulo anapempha kuti am'patse mwezi umodzi aganize. Mng'ono wanga anavomera mweziwo ndipo anaulemba pa kalendala yomweyo imene amalembapo mashifiti ake. Pamene ndikulemba izi padutsa masabata awiri, iye ali pa usiku wachitatu mwa inayi ya sabata ino, ndipo paketi ija ili m'kabati kunyumba kwake, makhadi asanu aja ali pamwamba monga anawasiyira.